Ziro wakutsogolo asatayike: kusandutsa mndandanda wa manambala a foni kukhala CSV

Tsegulani Excel, dinani kabokosi kalikonse, lembani `0990000123` kenako mudine `Enter`. Chomwe chitsale pamenepo ndi `990000123`. Ziro wakutsogolo wapita, ndipo pulogalamuyo siikufunsani kapena kukuchenjezani. Kwa munthu wowerengera ndalama palibe chomwe chalakwika, poti 045 ndi 45 ndi chiwerengero chimodzi. Koma nambala ya foni si chiwerengero. Palibe amene amaphatikiza nambala ya amayi ake ndi ya amalume ake kuti apeze yankho. Nambala ya foni ili ngati dzina, kungoti lolembedwa ndi madijiti, ndipo mukachotsapo chimodzi ndiye kuti mwatchula munthu wina kapena simunatchule aliyense.

Nkhaniyi imafika povuta pamene mndandanda wa anthu ukuyenera kuchoka m'kompyuta yanu kupita kwina. Amene amatumiza mauthenga a pafoni kwa anthu ambiri nthawi imodzi, amene amalipira alimi kapena antchito kudzera pa foni, amene amalowetsa mayina a makolo m'kaundula wa sukulu, onsewa kawirikawiri amauzidwa kuti atumize fayilo ya CSV. Apa m'pamene ziro amasowera, ndipo apanso m'pamene kabokosi kokhala ndi mpatuliro mkati mwake kamang'ambikira pakati.

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa gulu la alimi a mbatatesi ku Dedza. Muli ndi mamembala 300, ndipo aliyense alandira ndalama zake pafoni. Sipuredishiti yanu ili ndi makolamu anayi: dzina, foni, malo ndi ndalama. Mayina ndi manambala onse omwe tigwiritse ntchito pano ndi ongopeka.

CSV ilibe pobisa kanthu

Fayilo ya Excel, ija imathera ndi `.xlsx`, imasunga zinthu zambiri zomwe maso saona. Imakumbukira kuti kabokosi aka ndi ka mawu, aka ndi ka tsiku, aka kali ndi fomula, aka n'kopaka utoto wachikasu. CSV siikumbukira chilichonse mwa zimenezi. Ndi zilembo basi, zondandalikidwa mzere ndi mzere. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi, ndipo pakati pa kabokosi ndi kanzake pali mpatuliro. Mukaitsegula ndi Notepad, mizere yoyamba ya mndandanda wanu imaoneka chonchi:

```
dzina,foni,malo,ndalama
Chikondi Banda,0990000123,Lobi,45000
Mphatso Phiri,0880000456,"Bembeke, Dedza",120000
```

Taonani kuti ziro alipo bwinobwino. CSV payokha siidya ziro, chifukwa siidziwa n'komwe kuti `0990000123` ndi nambala. Koma kusadziwa komweko ndiye gwero la vuto. Popeza mufayilomo mulibe chouza pulogalamu kuti kolamu yachiwiri ndi ya mawu, pulogalamu iliyonse yotsegula fayiloyo imaganiza yokha. Excel ikaona madijiti okhaokha imati ichi n'chiwerengero, n'kuchotsa ziro.

Choncho ziro amatayikira pamalo awiri: polemba nambala m'sipuredishiti, ndi potsegula CSV. Posunga penipenipo sipatayika kanthu. Excel imangolemba m'fayilo zomwe zikuoneka m'kabokosi. Munthu akamvetsa chimenechi, zotsalazo zimayenda.

Konzani kolamu musanalembe

Musanalembe nambala ndi imodzi yomwe, dinani chilembo cha pamwamba pa kolamu ya foni kuti kolamu yonse isankhidwe. Dinani `Ctrl+1`, ndipo pa mndandanda womwe ubwere sankhani `Text`. Kuyambira pamenepo, chilichonse chomwe mulembe m'kolamumo chikhala momwe mwalembera. Mu Google Sheets njira yake ndi `Format`, kenako `Number`, kenako `Plain text`. Ngati ndi nambala imodzi yokha, mutha kuyamba ndi nkhodolero, chonchi `'0990000123`. Nkhodoleroyo imauza Excel kuti awa ndi mawu, ndipo siituluka mu CSV.

Mudziwa kuti zatheka poona mbali yomwe nambala yatsamira. Ngati simunasinthe kalikonse pa kaimidwe ka zolemba, mawu amatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe ziwerengero zimatsamira kumanja. Muonanso kachizindikiro kobiriwira pangodya ya kabokosi, kokhala ndi uthenga wakuti `Number Stored as Text`. Anthu ambiri amakaona ngati cholakwika, n'kudina `Convert to Number` kuti kachoke. Musatero. Kudina kumeneko kumafufuta maziro a timabokosi tonse tomwe mwasankha nthawi imodzi. Kachizindikiroko kasiyeni, kakuchitira umboni kuti zinthu zili m'malo.

Chimodzi choyenera kuchinena mosabisa: kusintha kolamu kukhala `Text` nambala zitalembedwa kale sikubweza ziro. `990000123` imangosamukira kumanzere, koma ikadali ya madijiti 9.

Ngati ziro anapita kale

Mndandanda wa mamembala 300 simungaulembenso ndi manja, ndipo palibe chifukwa chotero. Manambala a foni zam'manja ku Malawi, kaya a TNM oyamba ndi 088 kaya a Airtel oyamba ndi 099 kapena 098, ali ndi madijiti 10 tikawerengera ziro. Ndiye ngati nambala zili m'kolamu B, pitani pa kolamu yopanda kanthu, yomwe siinasinthidwe kukhala `Text`, mulembe:

```
=TEXT(B2,"0000000000")
```

Maziro ali m'mitengeromo ndi 10. Fomulayi ikuti nambala ilembedwe ndi madijiti 10, ndipo ngati aperewera, kutsogolo kuikidwe ziro. Ikokereni pansi mpaka pa membala womaliza. Kenako sinthani kolamu B kukhala `Text`, koperani zotsatira za fomulayo, ndipo muzimate m'kolamu B kudzera pa `Paste Special` ndi `Values`, kuti mulowe manambala enieniwo osati fomula. Kolamu yothandizira ija ifufuteni.

Pali njira ina yomwe ena amaikonda, yopatsa kolamu maonekedwe a `Custom` okhala ndi maziro 10. Imagwira ntchito ndithu, poti Excel imalemba mu CSV zomwe zikuoneka. Koma ine sindiikhulupirira kwenikweni, chifukwa ziroyo amakhala wongooneka, pansi pake nambala ikadali ya madijiti 9. Tsiku lomwe mudzalumikize nambalayo ndi mawu ena pogwiritsa ntchito fomula, kapena kuifananiza ndi mndandanda wina womwe nambala zake ndi mawu, ziro sadzapezeka.

Fomula ya `TEXT` nayo ili ndi malire ake, ndipo ku Dedza malirewo mukumana nawo msanga. Tsidya lina la mpaka ndi Mozambique, komwe manambala a foni zam'manja ali ndi madijiti 9 ndipo sayamba ndi ziro, amayamba ndi 8. Membala wogwiritsa ntchito nambala ya kumeneko, fomulayi imupatsa ziro yemwe sanakhalepo naye, ndipo nambala yake iyamba kuoneka ngati ya kuno. Mbali inayi, mwana wa membala yemwe ali ku Britain ali ndi nambala ya madijiti 11 yoyamba ndi 07. Ikataya ziro imatsala ndi madijiti 10, ndiye fomulayi iona ngati zonse zili bwino n'kuisiya yoperewera. N'chifukwa chake musanakonze, yambani mwaona zomwe muli nazo. Fomula ya `=LEN(B2)` imawerenga zilembo za m'kabokosi. Ikokereni pansi, musanje mndandanda potengera yankho lake, ndipo muone nambala iliyonse yomwe yasiyana ndi zinzake. Sanjaninso potengera nambala zenizenizo kuti zoyamba mwachilendo zikhale pamodzi. Pamenepo mupezanso nambala zomwe wina analemba ndi mipata, ndi timabokosi momwe munalembedwa nambala ziwiri. Zimenezi n'zokonza ndi manja, imodzi imodzi, mutafunsa mwini wake.

Nambala zoyamba ndi 265 zimavulala kwambiri

Ena olandira mafayilo safuna ziro, amafuna nambala yoyamba ndi 265, yomwe ndi nambala ya dziko la Malawi. Munthu angaganize kuti apa vuto latha poti ziro palibe. Zoona zake n'zakuti ngozi yake ndi yokulirapo.

`265990000123` ili ndi madijiti 12. Excel ikalandira chiwerengero cha madijiti 12 kapena kuposerapo m'kabokosi ka `General`, imachionetsa mwachidule, chonchi: `2.6599E+11`. Fayilo ikadali ya `.xlsx`, nambala yonse imakhala ilipo pansi pake, ndipo mukadina kabokosiko muiona yathunthu pamwamba. Koma tanena kale kuti CSV imalandira zomwe zikuoneka. Chomwe chilembedwe m'fayilo ndi `2.6599E+11`, ndipo aliyense woiwerenga apeza `265990000000`. Madijiti omaliza apita. Ziro wakutsogolo tinatha kumubweza chifukwa timadziwa kuti anali ziro. Apa palibe fomula yomwe ingadziwe kuti nambala inkathera 123. Mamembala ambiri a netiweki imodzi amatha kutuluka ndi nambala yofanana ndendende.

Ngati fayilo ya `.xlsx` ikadalipo, `=TEXT(B2,"0")` itulutsa nambala yonse ngati mawu. Ngati mukufuna kuchoka pa nambala ya ziro kupita pa ya 265, lembani:

```
="265"&RIGHT(B2,9)
```

Fomulayi ikutenga madijiti 9 omaliza n'kuika 265 kutsogolo, ndipo chotulukacho ndi mawu, choncho sichifupikitsidwa. Chizindikiro cha `+` nacho chimasowa mofanana ndi ziro: `+265990000123` yolembedwa m'kabokosi wamba imasanduka chiwerengero chopanda `+`. Mankhwala ake ndi omwe aja, kolamu ikhale `Text` musanalembe. Dziwaninso kuti Excel imasunga madijiti 15 okha a chiwerengero, otsatirawo imawasandutsa maziro. Izi sizikhudza manambala a foni, koma zimakhudza manambala ataliatali monga a makadi a kubanki kapena ena a malisiti.

Kusunga, ndi msampha wa kudina kawiri

Yambani mwasunga ntchito yanu ngati `.xlsx`. Imeneyi ndiye fayilo yaikulu, ndipo zosintha zonse za m'tsogolo zizichitikira mmenemo. Kenako pitani pa `File`, `Save As`, ndipo pa mtundu wa fayilo sankhani `CSV UTF-8 (Comma delimited)` ngati Excel yanu ili nayo. CSV imanyamula tsamba limodzi lokha, lomwe lili poonekera panthawiyo, ndipo Excel ikuchenjezani za zimenezi ngati muli ndi masamba angapo. Mafomula amasanduka mayankho ake, utoto ndi zokongoletsa zimatsala. Mukasunga, tsekani fayiloyo nthawi yomweyo, chifukwa kuyambira pamenepo zomwe zili pa sikirini ndi CSV osati fayilo yaikulu ija.

Tsopano apa ndi pomwe anthu osamala amagwera, ndipo amagwa chifukwa cha kusamala komweko. Mwasunga CSV, mukufuna kutsimikiza kuti zonse zili bwino, ndiye mwadina kawiri pa fayiloyo. Windows ikuitsegula ndi Excel, Excel ikuganiza yokha, ndipo maziro onse asowa pa sikirini. Mukuganiza kuti kusunga kuja kwalephera. Chikhalirecho fayilo ili bwinobwino, Excel yangoionetsa molakwika. Mukaitseka osasunga, palibe chaonongeka. Koma mukakonza dzina limodzi lomwe mwaliona lolakwika n'kudina `Save`, Excel ilemba pamwamba pa fayilo yabwino ija manambala opanda ziro, ndipo tsopano kuonongeka kwachitikadi.

Njira yoonera CSV ndi Notepad. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja, sankhani `Open with`, kenako Notepad. Zomwe muone mmenemo ndi zomwe wolandira alandire, chilembo ndi chilembo. Ngati ziro alimo, ntchito yatheka, ngakhale Excel inene zotani.

Ena amaganiza kuti kukuta nambala ndi mitengero, chonchi `"0990000123"`, kuteteza ziro. Mu Excel sikuteteza. Excel imachotsa mitengeroyo, n'kuona madijiti okhaokha, n'kuchita zomwe imachita nthawi zonse. Palinso kachenjerero kolemba `="0990000123"` m'fayilo ya CSV. Kameneka kamapusitsadi Excel, koma makina olipirira ndalama kapena otumizira mauthenga akhoza kuwerenga chizindikiro cha `=` ndi mitengeroyo ngati mbali ya nambala, n'kuukana mzere wonse. Ngati fayilo ikupita ku makina, kachenjereroka kalekeni.

Mpatuliro wa mkati mwa kabokosi

Bwererani pa mzere wa a Mphatso Phiri uja. Malo awo ndi `Bembeke, Dedza`, ndipo mpatuliro umenewu ndi wa m'chiganizo, si malire a kabokosi. Kodi pulogalamu yowerenga isiyanitsa bwanji? Mgwirizano womwe ambiri amatsata unalembedwa mu 2005 m'chikalata chotchedwa RFC 4180, ngakhale kuti CSV inkagwiritsidwa ntchito kale zaka zambiri chisanalembedwe. Mfundo yake ndi yaifupi. Kabokosi kokhala ndi mpatuliro, mitengero kapena mzere watsopano mkati mwake kakutidwe ndi mitengero. Chilichonse cha pakati pa mitengero iwiriyo ndi kabokosi kamodzi.

Mitengero ikapanda kukhalapo, mzere uja umakhala chonchi:

```
Mphatso Phiri,0880000456,Bembeke, Dedza,120000
```

Werengani timabokosi: tilipo tisanu m'malo mwa tinayi. Kolamu ya malo yalandira `Bembeke`, kolamu ya ndalama yalandira `Dedza`, ndipo 120000 yagwera kunja komwe kulibe mutu. Dzina likanalembedwa moyamba ndi la bambo, `Phiri, Mphatso`, ndiye kuti m'kolamu ya foni mukanalowa `Mphatso`.

Nkhani yabwino ndi yakuti Excel, LibreOffice Calc ndi Google Sheets zonse zimaika mitengero imeneyi zokha posunga. Inu lembani `Bembeke, Dedza` m'kabokosi monga mwa nthawi zonse, pulogalamu ichita zotsalazo. Mavuto ambiri a mpatuliro amayamba munthu akafuna kuithandiza pulogalamuyo. Wina amaika yekha mitengero m'kabokosi, ndipo popeza lamulo limati mtengero wa mkati ulembedwe kawiri, m'fayilo mumatuluka `"""Bembeke, Dedza"""`, ndipo wolandira amapeza dzina la malo lili ndi mitengero yosafunika. Kulemba kawiriko pakokha si cholakwika. Ngati membala ali ndi golosale ndipo m'kabokosi mwalembedwa Golosale ya "Tikondane", Lobi, CSV yolondola imaoneka motere:

```
"Golosale ya ""Tikondane"", Lobi"
```

Wina amalumikiza makolamu ndi fomula, kuika mipatuliro pakati, n'kukopera zotsatirazo mu Notepad. Pamenepo palibe woika mitengero, ndipo mzere uliwonse wokhala ndi mpatuliro wa m'chiganizo umasweka. Wina amakonzera CSV mu Word, yomwe imakonda kusintha mitengero yoongoka kukhala yopindika, pomwe owerenga CSV amazindikira yoongoka yokha. Ngakhale kampata kamodzi kamaononga. Mukalemba mpatuliro, mpata, kenako mtengero, Excel siiona mtengerowo ngati chiyambi cha kabokosi kokutidwa, chifukwa uyenera kubwera pompo pambuyo pa mpatuliro.

Mpatuliro womwe umandidetsa nkhawa kwambiri ndi wa m'ndalama. Alembi ambiri amakonda kuti ndalama zizioneka ngati 120,000, ndipo pa pepala zimawerengeka bwino. Koma Excel ikamasunga CSV imalemba `"120,000"`, mpatuliro ndi mitengero yomwe. Malinga ndi lamulo palibe cholakwika. Funso ndi lakuti makina olandirawo achita nazo chiyani. Ena amamvetsa. Ena amaukana mzerewo ponena kuti ndalamazo si chiwerengero, ndipo kukana kotereku n'kwabwino chifukwa mumadziwa. Koma makina olembedwa mosasamala, omwe amangodula mzere paliponse pomwe apeza mpatuliro, akhoza kutenga 120 n'kusiya 000. Mlimi yemwe amayembekezera K120,000 sayenera kudalira mwayi wotere. Musanasunge, sankhani kolamu ya ndalama, dinani `Ctrl+1`, sankhani `Number`, chotsani chizindikiro pa `Use 1000 Separator (,)`, ndipo ngati palibe matambala ikani `Decimal places` pa 0. Chilembo cha K kapena MK chisakhalemonso. M'fayilo mutuluke `120000` yokha.

Chimodzimodzi ndi kabokosi komwe wina anadina `Alt+Enter` kuti adiresi ikhale pa mizere iwiri. Lamulo limalola, ndipo Excel ikuta kabokosiko ndi mitengero, koma mu Notepad membala mmodzi aoneka pa mizere iwiri, ndipo makina osalimba amuwerenga ngati anthu awiri operewera. Izi n'zosavuta kuzigwira. Mamembala 300 ndi mzere wa mitu ndi mizere 301. Pitani pa mzere womaliza wokhala ndi dzina mu Notepad, muone nambala ya mzere yomwe imalembedwa pansi pa windo. Ikapitirira 301, pali kabokosi komwe kadumphira mzere wina.

Nanga ngati mwachita zonse molondola koma makina a wolandira akuswabe timabokosi tokutidwa? Apo vuto si lanu, komabe alimi akudikira ndalama zawo. Chotsani mipatuliro m'fayilo yotumizayo. Gawani malo m'makolamu awiri, mudzi pawokha boma pawokha, kapena ngati wolandira sakufuna kolamu ya malo, musaitumize n'komwe. Pa ntchito yolipira, kawirikawiri chofunika ndi dzina, nambala ndi ndalama, ndipo kutumiza zochepa kumatetezanso zinsinsi za mamembala anu.

Kompyuta yomwe imalemba `;` m'malo mwa mpatuliro

Nthawi zina mumatsegula CSV mu Notepad n'kupeza kuti pakati pa timabokosi pali `;`. Excel ya pa Windows siisankha yokha chizindikiro cholekanitsira, imatengera zomwe zaikidwa m'kompyutayo molingana ndi dera. M'mayiko momwe mpatuliro umagwiritsidwa ntchito polemba madesimo, monga 12,50, cholekanitsira chimakhala `;`. Makompyuta oikidwa dera la South Africa kapena la Chipwitikizi amakhala otere kawirikawiri. Chizindikiro china cha vutoli n'chakuti CSV yabwinobwino ikatsegulidwa pa kompyuta yotere, mzere wonse umaunjikana m'kolamu A. Nawonso mafomula amafuna `;`, choncho ija ya ziro imalembedwa `=TEXT(B2;"0000000000")`.

Pokonza, tsegulani `Control Panel`, pitani pa `Region`, kenako `Additional settings`. Ikani mpumiro pa `Decimal symbol` ndi mpatuliro pa `List separator`. Sinthani zonse ziwiri, chifukwa chizindikiro chimodzi sichingagwire ntchito ziwirizi nthawi imodzi. Kenako tsekani Excel, muitsegulenso, musunge CSV kachiwiri kuchokera ku fayilo yaikulu. Musayese kusintha `;` aliyense kukhala mpatuliro mu Notepad. Pamene cholekanitsira chinali `;`, Excel inalibe chifukwa chokutira `Bembeke, Dedza` ndi mitengero, ndiye mukangosintha, mizere yotere isweka. Ngati simukufuna kukhudza za m'kati mwa Windows, LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere, imakufunsani posunga. Ikani chizindikiro pa `Edit filter settings` ndipo musankha nokha cholekanitsira.

CSV ikabwera kwa inu

Tsiku lina fayilo idzachokera kwina, mwina lipoti la omwe alandira ndi omwe sanalandire, ndipo mudzafuna kuigwiritsa ntchito mu Excel. Musaidine kawiri. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, musankhe fayiloyo. Pa windo lomwe libwere pali `Data Type Detection`. Sankhani `Do not detect data types`, kenako `Load`. Makolamu onse alowa ngati mawu, maziro ali m'malo. Kolamu ya ndalama nayonso ilowa ngati mawu, ndiye imeneyo yokha ndi yomwe muisandutse chiwerengero musanayambe kuphatikiza.

Pa Excel zakale, sinthani mathero a dzina la fayilo kuchoka pa `.csv` kukhala `.txt`, muitsegule kudzera pa `File` ndi `Open`. Pabwera `Text Import Wizard`. Sankhani `Delimited`, kenako `Comma`, ndipo onetsetsani kuti pa `Text qualifier` pali mtengero, chifukwa ndi umene ukuteteza timabokosi ta mipatuliro. Pa sitepe yachitatu dinani kolamu ya foni, musankhe `Text`. LibreOffice imaonetsa windo lofanana nthawi iliyonse mukatsegula CSV, ndipo mumangodina kolamu n'kusankha `Text` pa `Column type`. Mu Google Sheets, pa `File` ndi `Import`, chotsani chizindikiro pa `Convert text to numbers, dates, and formulas`.

Kuyambira mu 2023, Excel ya Microsoft 365 ili ndi pozimitsira khalidwe lochotsa ziroli. Pitani pa `File`, `Options`, `Data`, ndipo pansi pa `Automatic Data Conversion` chotsani chizindikiro pa `Remove leading zeros and convert to a number`. N'chinthu chothandiza, ndipo ngati muli nacho chigwiritseni ntchito. Kungoti chimateteza kompyuta yanu yokha. Msungichuma yemwe mumutumizire fayilo kuti aione asanavomereze malipiro akhoza kukhala ndi Excel yakale, n'kuidina kawiri, n'kuisunga. Choncho kwa munthu woti aone ndi kuvomereza, tumizani `.xlsx` kapena PDF. CSV ipangidwe pomaliza zonse zitavomerezedwa, ndipo ichoke kwa inu kupita ku makina olandira popanda kudutsa m'manja ena.

Chifukwa chosankhira `CSV UTF-8` kuja chimaonekera pa mayina athu. Chilembo cha ŵ, monga mu Malaŵi, mulibe m'kalembedwe kakale komwe CSV wamba ya Excel imagwiritsa ntchito pa makompyuta a Chingerezi, ndiye chikhoza kutuluka ngati `?` kapena kutaya kachisoti kake. Mukaona `Åµ` pamalo pa ŵ, fayiloyo ili bwino, kungoti pulogalamu yaiwerenga ndi kalembedwe kolakwika. Potsegula ndi `From Text/CSV`, sankhani `65001: Unicode (UTF-8)` pa `File Origin`. UTF-8 ya Excel imaikanso kachizindikiro kosaoneka kumayambiriro kwa fayilo, ndipo makina ena akale amakakana ponena kuti sakupeza kolamu yoyamba, ngakhale inu mukuona `dzina` pamenepo. Zikatero, tsegulani fayiloyo mu Notepad ya Windows 10 kapena 11, dinani `Save As`, ndipo pa `Encoding` sankhani `UTF-8` m'malo mwa `UTF-8 with BOM`.

Musanatumize mndandanda wonse, funsani wolandira kuti akufuna nambala yoyamba ndi ziro kapena ndi 265, ndiponso ngati ali ndi fayilo yachitsanzo yoonetsa mitu ya makolamu. Yachitsanzoyo nayo itseguleni ndi Notepad. Kenako yesani ndi fayilo ya mizere itatu kapena inayi yokhala ndi manambala a anthu a mu komiti, ndalama zochepa, ndipo mzere umodzi ukhale ndi mpatuliro m'kabokosi mwadala. Uthenga ukafika pa mafoni onsewo ndi ndalama zolondola, tumizani ya anthu 300.